Kukonza funso la katuni pa Nkhondo ya Mawu ndi mfundo zake zochongera

Funso la katuni limaoneka losavuta kukonza. Munthu amangopeza chithunzi, n'kuchimata papepala, n'kulemba pansi pake kuti ophunzira afotokoze zimene akuona. Mavuto amadza tsiku lochonga. Mwana wina wangofotokoza nkhope za anthu a pachithunzi, wina wakhuthula notsi zonse za Nkhondo ya Mawu, kulimbana kuja kwa Amereka ndi Soviet Union, osachiyang'ana n'komwe chithunzicho, ndipo inu aphunzitsi mulibe pogwira kuti musiyanitse woyenera malikisi 2 ndi woyenera 5. Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi loti ntchito inayambira kumapeto. Mafunso salembedwa poyamba. Mumayamba mwapeza uthenga wa katuni, kenako mfundo zimene mudzapereke nazo malikisi, ndipo mafunso amabwera pambuyo kudzatsegulira njira mfundozo.

Tigwiritsa ntchito katuni imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ya mkangano wa mizinga ya ku Cuba wa mu 1962. Pepala lenileni la ana a Fomu 4 mudzalilemba m'Chingelezi, koma kamangidwe kake n'komweku.

Gawo loyamba: sankhani katuni imene mukudziwa kumene inachokera

Musanakopeke ndi kukongola kwa chithunzi, onani ngati mukudziwa zinthu zitatu: anachijambula ndani, chinatuluka m'nyuzipepala iti, ndipo linali tsiku liti. Katuni yopanda zitatuzi isiyeni, ngakhale ikome bwanji, chifukwa simungafunse nayo za maganizo a wojambula. Makatuni ambiri amene amayendayenda m'mafoni ndi m'timabuku ta notsi anadulidwa m'mbali, ndipo ena anawonjezeredwa mawu ndi anthu amene ankawakopera. Funani chithunzi chathunthu, chokhala ndi siginecha ya mwini wake.

Yathu inajambulidwa ndi Leslie Illingworth, wa ku Wales, ndipo inatuluka m'nyuzipepala ya ku Britain ya Daily Mail pa 29 Okutobala 1962. Nikita Khrushchev wa Soviet Union ndi John F. Kennedy wa Amereka akhala moyang'anizana, zigongono zili patebulo, agwirana manja, aliyense akufuna kugwetsa mkono wa mnzake. Aliyense wakhalira bomba lolembedwa chilembo cha H. Dzanja linalo, chala chili pamwamba pa batani, ndipo waya wa batani la aliyense wapita ku bomba limene mnzake wakhalira. Khrushchev thukuta lili kamukamu.

Katuni imeneyi ndi yabwino pamayeso chifukwa zinthu zake n'zochepa ndipo chilichonse chikunyamula tanthauzo. Mulibe mawu ambiri oti mwana avutike nawo, mulibenso nthabwala yofuna kuti udziwe ndale za m'tauni ya London za chaka chimenecho. Mwana wa kusukulu ya kumudzi amene sanaonepo bomba amadziwa mpikisano wogwetsana mkono, poti anyamata amauchita pa desiki nthawi yopuma. Makatuni odzaza tizilembo ting'onoting'ono, kapena odalira mitundu ya utoto monga kufiira koimira Chikomyunizimu, amafera pamakina a fotokope.

Gawo lachiwiri: iwerengeni nokha, polemba

Tengani pepala, mulembe chilichonse chooneka, ndipo pambali pake mulembe chimene chikuimira. Musadalire zoti mwamva kale mumtima. Mpikisano wa mikono ukuimira kupimana mphamvu kwa mayiko awiriwa, ndipo poti palibe mkono umene wafika patebulo, wojambula sakuonetsa kuti nkhani yatha. Mabomba a chilembo cha H ndi mabomba a haidirojeni, amphamvu kuposa aja anaponyedwa ku Hiroshima ndi ku Nagasaki mu 1945. Zala za pamabatani zikunena kuti nkhondo ikhoza kuyamba m'kuphethira kwa diso. Mawaya opingasana ndiwo mtima wa chithunzi chonse: moyo wa aliyense uli m'manja mwa mnzake, ndipo malo ndi ochepa moti bomba limodzi litaphulika onse awiri apita. Thukuta la Khrushchev likusonyeza kuti wapanikizika kwambiri ndi iyeyo.

Mukatha apo, lembani uthenga wonse m'chiganizo chimodzi. Changa ndi ichi: mkangano wa ku Cuba ndi mpikisano woopsa umene ungathe kuwononga mbali zonse ziwiri, koma amene akuoneka kuti akufooka ndi Khrushchev. Chiganizochi chili ndi miyendo iwiri, kuopsa kwa onse ndi kufooka kwa mmodzi, ndipo miyendo iwiriyi ndi imene idzasiyanitse yankho lapamwamba ndi lapakati. Mukalephera kulemba chiganizo chotere, katuniyo si ya mayeso. Ngati mphunzitsi sakutha kuunena uthenga mwachidule, mwana wokhala ndi mphindi 25 zokha sangaupeze.

Tsopano ikani tsiku la katuni pa mndandanda wa zochitika, chifukwa tsikulo ndi limene limalamula zimene mungalole ndi zimene mungakane pochonga. Pa 14 Okutobala ndege ya ukazitape ya Amereka ya U-2 inajambula malo a mizinga ya Soviet Union ku Cuba. Pa 22 Okutobala Kennedy analankhula pa wailesi yakanema, kulengeza kuti sitima zankhondo za Amereka zitchinga njira ya panyanja kuti zida zina zisalowe ku Cuba. Pa 26 ndi pa 27 kunabwera makalata awiri a Khrushchev, ndipo yachiwiriyo inafuna kuti Amereka ichotse mizinga yake ya Jupiter ku Turkey. Pa 27 pomwepo ndege ya U-2 inagwetsedwa ku Cuba, woyendetsa wake Rudolf Anderson n'kufa. Pa 28 Khrushchev analengeza pa wailesi ya ku Moscow kuti achotsa mizinga. Katuni yathu inatuluka m'mawa mwake.

Pali chinthu chimodzi chimene wojambula ndi owerenga nyuzipepala sankachidziwa tsiku limenelo. Zoti Khrushchev akufuna mizinga ya ku Turkey ichoke zinali zapoyera, koma zoti boma la Kennedy lavomera kuichotsa zinali zachinsinsi. Robert Kennedy, mng'ono wake wa pulezidenti, ndiye anauza kazembe wa Soviet Union, Anatoly Dobrynin, usiku wa pa 27, ndipo mizingayo inachotsedwa mwakachetechete mu Epulo 1963. Choncho anthu a mu Okutobala 1962 anaona ngati Khrushchev wangogonja chabe. Mfundo imeneyi isungeni, ndi imene idzakhale funso lanu lovuta kwambiri.

Gawo lachitatu: mawu a pansi pa chithunzi

Apa n'pachidule koma ambiri amalakwitsa. Lembani zokwanira kuti mwana adziwe gwero, osaulula yankho. Mawu oyenera ndi awa: "Katuni ya Leslie Illingworth, imene inatuluka m'nyuzipepala ya ku Britain pa 29 Okutobala 1962." Basi. Mukalemba kuti "katuni yosonyeza Kennedy ndi Khrushchev pa mkangano wa ku Cuba," mwayankha nokha funso loyamba. Mukachotsanso tsiku ndi dziko, funso lomaliza lagwa, chifukwa mwana alibe poyambira kuweruza wojambula.

Gawo lachinayi: mafunso, kuyambira chapafupi kupita chakuya

Mafunso 5 a malikisi 20 ndi okwanira, ndipo mwana apatsidwe mphindi pafupifupi 25. Funso lililonse liyese luso limodzi.

(a) Tchulani atsogoleri awiri amene ali pa katuniyi. (malikisi 2)

(b) Kodi zinthu zimene atsogoleriwa akhalira ndi chiyani, ndipo zikuimira chiyani? (malikisi 2)

(c) Kodi uthenga wa wojambula ndi wotani? Tsimikizirani yankho lanu ndi zimene zili pa katuni komanso zimene mukudziwa za nthawiyo. (malikisi 6)

(d) Fotokozani zifukwa ziwiri zimene Soviet Union inaikira mizinga ku Cuba. (malikisi 4)

(e) Kodi katuniyi ikukwanira kutitsimikizira kuti Khrushchev ndiye anagonja pa mkanganowu? Fotokozani. (malikisi 6)

Onani kuti (a) sikufunsa kuti mkanganowu unali uti. Mukamangirira mafunso onse pa kuzindikira chinthu chimodzi, mwana amene waphonya poyamba wataya malikisi onse 20 pa cholakwa chimodzi. N'chifukwa chake (d) ikutchula Cuba poyera. Ena amati kumeneko n'kuulula. Ine ndimati kuli bwino mwana wochenjera apeze thandizo mu (d) n'kubwerera kukakonza (a), kusiyana n'kuti kalasi yonse igwe pa khomo. Malikisi 2 a mayina si amene mukuyesa kwenikweni.

Onaninso kuti (d) ingayankhidwe popanda chithunzi. Funso lotere likhale limodzi lokha. Akachuluka, katuni yasanduka chokongoletsera pepala. Njira yodziwira ndi yophweka: phimbani chithunzi ndi dzanja, muwerenge mafunso. Ngati malikisi oposa 5 mwa 20 angapezeke chithunzi chili chophimbidwa, bwererani mukakonze.

Mawu oyambira funso agwirizane ndi malikisi. "Tchulani" amafuna dzina, malikisi 1 pa dzina. "Fotokozani" amafuna chifukwa ndi kumasulira kwake, malikisi 2 pa mfundo. Musalembe "Mukuona chiyani pa katuniyi?" pamene mukufuna uthenga, chifukwa mwana akalemba kuti akuona amuna awiri ndi tebulo wayankha ndendende zimene mwafunsa, ndipo kumumana malikisi n'kumubera.

Gawo lachisanu: mfundo zochongera

Pano ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mafunso a (a), (b) ndi (d) amachongedwa mfundo ndi mfundo. Mafunso a (c) ndi (e) amachongedwa poona msinkhu umene yankho lafika. Kusakaniza njira ziwirizi ndi kumene kumabala mikangano m'chipinda cha aphunzitsi.

Pa (a) lembani kuti: Kennedy, malikisi 1, Khrushchev, malikisi 1. Kenako gamulani pasadakhale za kalembedwe ka dzina, chifukwa la Khrushchev ana adzalilemba m'njira zambirimbiri. Lolani lililonse lomveka kuti ndi iyeyo. Kanani Stalin, amene anamwalira mu 1953, ndipo kanani Fidel Castro wa ku Cuba, amene pachithunzipo palibe. Nanga wolemba kuti "pulezidenti wa Amereka ndi mtsogoleri wa Soviet Union" popanda mayina? Funso lati tchulani, choncho sapeza kanthu, koma chigamulo chimenechi chilembedwe papepala lochongera, chisakhale cha m'mutu.

Pa (b): mabomba a haidirojeni kapena a nyukiliya, malikisi 1, akuimira kuopsa kwa nkhondo ya nyukiliya, kapena mphamvu zowononga za mayiko awiriwa, malikisi 1. Wolemba kuti "mizinga" mulandireni. Wolemba kuti "mabomba" chabe, ine ndimamupatsa, pokhapokha gawo lachiwiri litatchula nyukiliya. Mukhoza kugamula mosiyana, bola muchite chimodzimodzi kwa onse.

Pa (d) konzani zifukwa zoposa ziwiri, kuti mwana akhale ndi posankha. Choyamba, kuteteza boma la Fidel Castro, popeza mu Epulo 1961 Amereka inathandiza anthu a ku Cuba othawa kwawo kuukira dzikolo pa Bay of Pigs ndipo analephera. Chachiwiri, kubwezera mizinga ya Jupiter imene Amereka inaika ku Turkey, pakhomo penipeni pa Soviet Union. Chachitatu, kuchepetsa mpata wa zida: Amereka inali ndi mizinga yofika kutali yambiri kuposa Soviet Union, ndipo mizinga yapakatikati itaikidwa ku Cuba, makilomita pafupifupi 145 kuchokera ku Florida, ikanafika m'mizinda yambiri ya Amereka. Chachinayi, kupeza chokambirana nacho pa nkhani ya Berlin. Pa chifukwa chilichonse, malikisi 1 potchula, malikisi 1 pomasulira. "Kuteteza Cuba" ndi 1. "Kuteteza Cuba, chifukwa Amereka inali itayesa kale kugwetsa Castro mu 1961 ndipo ankaopa kuti ibweranso" ndi 2. Wolemba zifukwa zinayi zosamasulira apeze 2, asapeze 4, apo ayi mukuphunzitsa ana kuti kumwaza mfundo kumalipira kuposa kuganiza.

Tibwere ku (c). Misinkhu ikhale itatu, ndipo uliwonse ukhale ndi chizindikiro chimodzi chodziwikiratu.

Msinkhu woyamba, malikisi 1 mpaka 2: mwana akungofotokoza zooneka, kapena akungosimba mbiri ya mkangano osakhudza chithunzi.

Msinkhu wachiwiri, malikisi 3 mpaka 4: wapeza mwendo umodzi wa uthenga. Apeze 3 akangounena, apeze 4 akautsimikizira ndi chinthu cha pa katuni.

Msinkhu wachitatu, malikisi 5 mpaka 6: wapeza uthenga wonse, kuopsa kwa onse ndi kupanikizika kwa Khrushchev, ndipo wautsimikizira ndi zooneka. Apeze 6 akaulumikizanso ndi chochitika chenicheni cha masiku amenewo.

Tiyerekeze mayankho atatu, tiwachonge limodzi. Woyamba walemba kuti: "Pali amuna awiri akulimbana mikono. Akhala pa mabomba. Wina ndi wadazi ndipo akutuluka thukuta. Pali mabatani ndi mawaya." Zonsezi n'zoona, ndipo waona ngakhale mawaya amene ambiri amawaphonya. Koma palibe pamene wanena chimene wojambula akufuna kutiuza. Ameneyu ndi wa malikisi 2. Dzanja limafuna kumuwonjezera chifukwa watchula zinthu zambiri, koma mukamachonga ndi misinkhu simuwerenga kuchuluka kwa zinthu.

Wachiwiri walemba kuti: "Uthenga ndi woti dziko linali pafupi ndi nkhondo ya nyukiliya. Tikuona izi chifukwa onse awiri zala zawo zili pa mabatani ophulitsira mabomba." Ziganizo ziwiri zokha, zazifupi kuposa za woyamba, koma wapeza mwendo umodzi ndipo waugwirizitsa pa chithunzi. Malikisi 4.

Wachitatu walemba kuti: "Wojambula akunena kuti mayiko awiriwa akupimana mphamvu m'njira yoti akhoza kuphana onse, chifukwa aliyense wakhalira bomba limene mnzake angaliphulitse. Koma Khrushchev ndiye akutuluka thukuta, kusonyeza kuti akulephera. Izi zikugwirizana ndi zoti pa 28 Okutobala anavomera kuchotsa mizinga Amereka itatchinga njira ya panyanja." Miyendo yonse iwiri ilipo, umboni ulipo, chochitika chilipo. Malikisi 6, ndipo musamufunenso zina.

Pali mtundu wachinayi umene umasokoneza ochonga ambiri: mwana wakhama amene wadzaza tsamba lonse ndi mbiri yolondola, kuyambira Castro kulanda boma mu 1959 mpaka kutha kwa mkangano, koma osatchula mkono, bomba kapena thukuta. Mtima umawawa, koma ndi wa msinkhu woyamba. Lembani zimenezi poyera papepala lochongera, kuti mnzanu wochonga kalasi ina asamupatse 5 chifukwa cha chifundo. Mbiri yakeyo ili ndi malo ake mu (d).

Siyaninso khomo la tanthauzo limene simunaliganizire. Mwana wina angalembe kuti wojambula akudzudzula atsogoleri onse awiri, kuti akuchita masewera a anyamata ndi miyoyo ya anthu. Zimenezi sizinali m'chiganizo changa chija, koma chithunzi chikuzilola, ndipo ndi kuwerenga kwakuya. Lamulo lake likhale ili: tanthauzo lililonse lilandiridwe ngati mwana waloza chinthu cha pa katuni chimene chikulichirikiza ndipo silikutsutsana ndi tsiku la katuni. Wonena kuti chithunzi chikusonyeza ubale wa mayiko awiriwa chifukwa agwirana manja, wawerenga molakwa, ndipo mabomba ndi mabatani akumutsutsa. Wonena kuti chikusonyeza pangano loletsa kuyesa mabomba, wadumpha nthawi: pangano limenelo linasainidwa mu Ogasiti 1963, ndipo mgwirizano wa njira yolumikizirana mwachangu pakati pa Washington ndi Moscow unali wa mu Juni 1963. Katuni ya mu Okutobala 1962 singanene za zinthu zimene zinali zisanachitike.

Funso la (e) ndi limene limasiyanitsa ana a pamwamba. Misinkhu yake ikhale motere. Malikisi 1 mpaka 2 kwa wongovomera kapena kukana ndi chifukwa chopepuka. Apa m'pamene pamagwera yankho lotchuka lija loti "katuni n'zoseketsa chabe, sitingazikhulupirire," komanso loti "wojambula anali wokondera" popanda kunena kuti ankakondera ndani ndipo chifukwa chiyani. Mayankho oloweza oterewa angalembedwe pa katuni iliyonse ya padziko, choncho asapitirire 2.

Malikisi 3 mpaka 4 kwa amene wamanga mbali imodzi bwino. Mbali yovomera: thukuta likugwirizana ndi zimene zinachitika, Khrushchev anachotsadi mizinga, ndipo mu Okutobala 1964 anzake anamuchotsa paudindo, nkhani ya Cuba ili m'gulu la zimene ankamudzudzula nazo. Mbali yokana: katuni inatuluka ku Britain, dziko la m'gulu la NATO logwirizana ndi Amereka, limene pa nthawiyo linkasunga mizinga ya Thor yochokera ku Amereka, choncho si zodabwitsa kuti thukuta analipatsa Khrushchev.

Malikisi 5 mpaka 6 kwa amene waona mbali zonse ziwiri n'kugamula. Yankho la 6 ndi limene lagwiritsa ntchito tsiku: pa 29 Okutobala wojambula sakanadziwa za lonjezo lachinsinsi la mizinga ya ku Turkey, ndiponso Kennedy analonjeza kuti sadzaukira Cuba, Castro n'kukhalabe pampando. Choncho katuni ndi umboni wabwino wa mmene anthu a ku Britain ankaonera nkhaniyi sabata imeneyo, koma siyokwanira kutiuza amene anapambana.

Mungaone kuti mu (e) ndalola zochitika za mu 1963 ndi 1964, pamene mu (c) ndazikana. Si kudzitsutsa. Funso la (c) likufunsa zimene wojambula ankanena, ndipo iye anaima pa 29 Okutobala 1962. Funso la (e) likufunsa ife, amene tikudziwa zimene zinatsatira, kuti timuweruze. Kusiyana kumeneku kulembeni papepala lochongera ndi zilembo zazikulu, chifukwa ndi pamene ochonga awiri amasiyana kwambiri.

Chenjezo limodzi pa (e): musafunse zimene simunaphunzitse. Ngati m'kalasi simunatchulepo za Turkey, msinkhu wachitatu palibe angaufike, ndipo funso lanu la malikisi 6 lasanduka la malikisi 4 mwakabisira. Bwererani ku notsi zimene munapereka, muone ngati mfundo iliyonse ya pa pepala lochongera ili ndi pochokera.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: liyeseni lisanafike kwa ana

Yambani ndi makina. Sindikizani tsamba limodzi pa makina omwewo amene adzasindikize mayeso, kenako mujambule fotokope ya fotokopeyo, poti nthawi zambiri pepala lofika kwa mwana limakhala litadutsa kawiri. Yang'anani zinthu zitatu: madontho a thukuta, chilembo cha H, ndi mawaya. Mizere yopyapyala ndi imene imayamba kufufutika, ndipo inki ikachuluka madontho a thukuta amasanduka mabanga. Thukuta likasowa, mwendo wachiwiri wa uthenga wasowa, ndipo msinkhu wachitatu wa (c) wafa. Chithunzi chitenge pafupifupi theka la tsamba, ndipo chikhale tsamba limodzi ndi mafunso kapena moyang'anizana nawo, kuti mwana asamatembenuze pepala uku ndi uku. Ngati muli ndi mwana wosaona bwino, mukonzereni chithunzi chokulitsa kapena mawu ofotokoza zooneka zokha, opanda tanthauzo lake: "munthu wakumanzere akutuluka thukuta," osati "akuoneka wamantha."

Kenako patsani mphunzitsi mnzanu pepala la mafunso lokha, ayankhe ngati mwana, inu mumuchonge ndi mfundo zanu. Akapeza zochepera 6 pa (c), kawirikawiri vuto si iyeyo, ndi funso kapena chiganizo chanu cha uthenga.

Ana akalemba, musayambe kuchonga mulu wonse. Tengani mapepala 10, osakaniza a ana amphamvu, apakati ndi ofooka, muwachonge ndi pensulo, mnzanu awachongenso payekha osaona malikisi anu. Mukasiyana ndi malikisi 1 pa (c) kapena (e), palibe vuto. Mukasiyana ndi msinkhu wathunthu, mawu a msinkhuwo ndi osamveka, akonzeni musanapitirire, ndipo muwonjezere pa pepala lochongera mayankho atsopano amene mwagwirizana kuwalola kapena kuwakana.

Malikisi akatuluka, amakuuzani okha pamene funso linadwala. Ngati pafupifupi onse apeza 2 pa (c), ana sanaphunzitsidwe kusiyanitsa kufotokoza ndi kumasulira, kapena mawu a funso anawakokera ku kufotokoza. Ngati ambiri aima pa 4 ndipo palibe watchula thukuta, kayang'aneni pepala limene linafika m'chipinda cha mayeso. Ngati ana amphamvu agwa pa (e) pamene apakati akhoza, mwina mwalipira mayankho oloweza aja a "wokondera." Ndipo ngati ambiri alemba Stalin pa (a), vuto silili pa katuni: bwererani m'kalasi mukakonze mndandanda wa atsogoleri a Soviet Union ndi zaka zawo, chifukwa ana amenewo adzasokonezanso kutsekedwa kwa njira za ku Berlin kwa mu 1948 ndi kumangidwa kwa khoma la Berlin mu 1961.